Vidiyo yanga ya mandasi ikutalika, ndidule pati?

"Ndine mayi wa ku Chilomoni, ndimagulitsa mandasi. Ndayamba kujambula mavidiyo ophunzitsa amayi anzanga kaphikidwe, ndipo yoyamba yatenga mphindi 18. Mwana wanga anandiikira CapCut, pulogalamu yodulira mavidiyo, pafoni, koma ndikadula malo amene ndangokhala chete, mawu anga amamveka ngati ndikudumphadumpha. Ena akuti ndiikenso mawu olembedwa pansi. Ndiyambire pati? Ndakutumizirani kuti muione nokha."

Mayi, ndaionera yonse, kawiri. Mtima ukhale m'malo, chifukwa zinthu ziwiri zimene sizikonzeka pafoni munazichita bwino pojambula: mawu anu akumveka, ndipo manja anu akuoneka. Zotsalazo ndi ntchito ya lumo basi. M'mphindi 18 zija muli phunziro labwino la mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kungoti lakwiririka.

Chimene chakupwetekani n'choti mwayamba kudula tizidutswa ting'onoting'ono musanachotse zikuluzikulu. Munthu sayamba kusankha timiyala mumpunga asanapete mankhusu. Ine ndikalandira vidiyo, ulendo woyamba sindigwira batani lililonse. Ndimangoionera, pepala lili pambali, n'kumalemba nthawi imene gawo lililonse layambira ndi kuthera. Yanu ndaipeza motere. Moni ndi kudziwitsa anthu kuti ndinu ndani zatenga mphindi imodzi ndi masekondi 20. Kuonetsa zofunika kwatenga mphindi ziwiri ndi theka, chifukwa pakati pake munapita kukatenga mchere m'nyumba kamera ili chiyang'anire beseni. Kusakaniza ndi kukanda kwadya mphindi zisanu ndi imodzi. Zotsalazo ndi kuvundikira, kudula, kukazinga ndi kutsanzika. Mukalemba chonchi, maso amaona okha pamene nthawi ikutayikira.

Kudula kwenikweniko ndi mabatani awiri okha. Mu CapCut muli kamzere koyera koimirira pakati pa mzere wa vidiyo. Kokani vidiyo ndi chala mpaka kamzereko kafike pamene mwanyamuka kukatenga mchere. Gogodani vidiyoyo kuti isankhike, dinani Split. Kokaninso mpaka pamene mwabwerera, dinaninso Split. Chidutswa chapakaticho chigogodeni, dinani Delete, ndipo mbali ziwiri zotsala zimalumikizana zokha. Mukalakwitsa pali kamuvi kobwerera m'mbuyo pamwamba pa mzerewo, ndiye palibe choopa. Vidiyo yanu yoyambirira imene ili m'foni siikhudzidwa ndi kudula kumeneku.

Moni uja mundikhululukire, ndiuchepetsa. Ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu sungangolowa m'nkhani osapereka moni, ndipo sindikuti muuchotse. Koma amene watsegula vidiyo yanu ndi kabandulo kake kochepa akufuna adziwe msanga ngati ili ndi chimene akufuna. Kumapeto kwa vidiyo yanu pali malo pamene mwanyema ndasi limodzi pakati, nthunzi n'kutuluka, mkati mukuoneka kufewa. Chidutswa chimenecho, masekondi atatu okha, chikopereni muchiike poyambirira penipeni. Kenako ubwere moni wa chiganizo chimodzi ndi lonjezo la chimene muphunzitse: "Muli bwanji amayi anzanga, lero tiphika mandasi ofewa osamwa mafuta." Pasanathe masekondi 15 mukhale mutagwira kale fulawa. Mbiri ya mmene munayambira geni ndi yokoma, ndaimva, koma ikuyenera vidiyo yakeyake.

Tsopano tifike pa kudumphadumpha kuja, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Ndamvetsera malo amene munayesa kudula, ndipo pali zolakwika ziwiri zosiyana.

Choyamba n'choti mukudya mchira wa mawu. Chichewa chathu chimakoka mphamvu pa chigawo chachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, makamaka pothera chiganizo. Nenani mokweza kuti "thirani madzi ofunda" mumve: "fu" akutalika ndi kumveka, "nda" akutsika ngati akuzimirira. Munthu wodula mothamanga amamva mawu atsika, n'kuganiza kuti chiganizo chatha, n'kudula "nda" ali pakamwa. Pamphindi yachitatu ya vidiyo yanu mwatero ndithu, ndipo zikumveka "ofu" kenako chiganizo china chalowa kale. Kumayambiriro kwa mawu kulinso msampha wofanana. Mawu ngati mchere, mpaka, ndiye, amayamba ndi kaphokoso ka m'mphuno kotsika kwambiri, ndipo mukadula mochedwa pang'ono "mchere" amasanduka "chere". Khutu la womvera silingatchule chimene chavuta, koma limamva kuti penapake paduka.

Mankhwala ake ndi kukulitsa mzere ndi kusiya kampata. Ikani zala ziwiri pa mzere wa vidiyo n'kuzitambasula, monga mumachitira pokulitsa chithunzi. Mzerewo umatalika, ndipo sekondi imodzi imene inali kadontho imakhala yotakata moti mutha kuima pamalo enieni. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi iliyonse, ndiye mpata wa gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi ndi zithunzi 7 kapena 8 zokha. Kampata kotere kasiyeni liwu lomaliza litatheratu, ndipo siyaninso kena kochepera liwu lotsatira lisanayambe. Valani mahedifoni pochita zimenezi, ngakhale otchipa a mu Limbe, chifukwa sipika ya foni imabisa michira ya mawu imeneyi. Mukadula, bwererani masekondi atatu m'mbuyo, tsinzinani, mumvetsere polumikizirapo. Ngati khutu silinapunthwe, mwadula bwino.

Ndikuchenjezeni za batani lina limene mwana wanu angakuonetseni, lolembedwa Extract audio. Limapatula mawu ku chithunzi n'kuwaika pamzere wawowawo, ndipo mumaona timapiri tosonyeza pamene mawu akwera ndi pamene pali zii. N'zothandiza kwa wozolowera. Koma mukangopatula, kudula chithunzi sikudulanso mawu, ndipo mukaiwala kamodzi kokha milomo imayamba kutsogola mawu ali m'mbuyo mpaka kumapeto. Pakadali pano lisiyeni, dalirani khutu.

Cholakwika chachiwiri n'chachikulu kuposa choyamba: mwachotsa chete yense ngati kuti yense ndi wofanana. Alipo chete wakufa, pamene mukufunafuna supuni, kapena mukuti "eee, ndiye kuti, eee" mawu atakuthawani, kapena mukuyankha mwana amene waitana kuseri. Ameneyo dulani osamumvera chisoni. Koma alipo chete amene akugwira ntchito. Mutanena kuti "makapu anayi a fulawa", munakhala chete masekondi awiri mukuthira, ndipo munawadula. Masekondi amenewo sanali anu, anali a wophunzira. Iye ali kukhitchini kwake, foni waitsamiritsa pa ndowa, akuwerenga makapu ake. Mukamuthamangitsira ku shuga asanamalize fulawa, aimitsa vidiyo ndi chala cha ufa, abwerere, aphonye malo, atope. Choncho mukatchula muyezo, kapena mukachenjeza chinthu chimene chingaononge mandasi, siyani sekondi imodzi kapena ziwiri. Ine lamulo langa ndi lakuti, pakamwa pakakhala chete koma manja akuchita chinthu chimene wophunzira ayenera kuona, sindidula. Pakamwa ndi manja zikakhala chete zonse, ndimadula.

Palinso kudumpha kwa maso. Mukadula pakati nkhope yanu ili pa kamera, mutu umasuntha mwadzidzidzi ngati mwadzidzimuka. Anthu a masiku ano anazolowera zimenezi, ndipo kudumpha kumodzi apa ndi apo sikudandaulitsa aliyense. Kukachuluka, njira yosavuta ndi kukulitsa chidutswa chachiwiricho pang'ono: chigogodeni, ikani zala ziwiri pachithunzi chapamwamba, tambasulani pang'ono chabe. Diso limaona ngati kamera yasendera dala. Njira yabwino koposa ndi kuphimba podulapo ndi chithunzi cha manja kapena cha beseni, mawu anu akupitirira pansi pake, pogwiritsa ntchito batani la Overlay, limene limaika chithunzi china pamwamba pa chinzake. Mwamwayi vidiyo yanu yambiri ikuonetsa manja, ndipo pamanja kudula sikuoneka kwenikweni.

Za liwiro la phunziro, titenge mphindi zisanu ndi imodzi za kukanda zija tizigwire bwinobwino, chifukwa mukamvetsa pamenepa zina zonse muzichita nokha. Wophunzira pagawo limeneli akufuna zinthu zitatu: aone mmene mumagwirira mtanda, adziwe kuti akande nthawi yaitali bwanji, ndiponso aone mmene mtanda wokandika umaonekera. Ndiye masekondi 20 oyamba asiyeni pa liwiro lake, aone mukukankha ndi chikhatho, kupinda, kutembenuza, katatu kapena kanayi. Chapakati, pamene mukungobwereza zomwezo, mungathe kuchithamangitsa: gogodani chidutswacho, dinani Speed, kenako Normal, muike pa 4x. Mphindi imodzi imasanduka masekondi 15. Koma musathamangitse mphindi zonse, chifukwa ngakhale pa 4x mphindi zinayi ndi mphindi yathunthu ya manja ongophiriphitha. Tengani masekondi 40 okha, muwathamangitse akhale 10, zotsalazo tayani. Mawu a chidutswa chothamangitsidwacho muwatsitsiretu pa Volume, apo ayi mumveka ngati mbewa. Kenako bwererani pa liwiro lenileni pamene munatsina mtanda ndi chala n'kunena kuti "mukaona sukumatanso m'manja, wakandika". Pamenepo ndiye mtima wa phunziro lonse, ndipo ndikanakhala ine ndikanasiya chithunzicho masekondi anayi athunthu, mwinanso kuchikulitsa kuti chala chioneke. Gawo lonse latsika kuchoka pa mphindi zisanu ndi imodzi kufika pa masekondi 40 kapena 50, ndipo palibe chimene wophunzira wataya.

Pali ngozi imodzi imene kudula kumabweretsa, ndipo ophunzitsa ambiri saiona. Mukafupikitsa kukanda, woonera amaganiza kuti kukanda n'kwa masekondi 30. Mukadula kudikira kuti mtanda ufufume, amaona mukuvundikira ndi nsalu, kuphethira kamodzi mwavundukula wafufuma kale. Akachita chimodzimodzi kunyumba, mandasi atuluka ngati miyala, ndipo adzati Mayi aja ananama. Paliponse pamene mwaba nthawi, bwezani ndi mawu olembedwa: "Kandani mphindi 6", "Patatha ola limodzi". Pokazinga ndiye musathamangitse konse mandasi oyamba kulowa m'mafuta. Anthu aone mmene mafuta akuwirira m'mbali, amve phokoso lake, aone mtundu umene mumatembenuzira. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu wa kukazinga mutha kuuchotseratu.

Izi zatifikitsa pa mawu olembedwa. Amene anakulangizani sanalakwe. Anthu ambiri amaonera ali m'minibasi, pamzere kuchipatala, kapena usiku mwana atagona, mawu atatsitsa, ndipo alipo ena amene samva bwino. Koma ikani mawuwa pomalizira penipeni, kudula konse kutatha. Mukawaika poyamba kenako n'kuchotsa masekondi asanu chapakati, mudzapezeka mukuwasunthanso limodzilimodzi. Ndinazichitapo ndikuyamba kumene ntchito imeneyi, pa vidiyo ya kwaya, ndipo ndinachezera usiku wonse kubwezera mizere ya nyimbo m'malo mwake.

Mu CapCut muona batani la Auto captions, limene limamvetsera n'kulemba lokha. Pa Chingelezi limayesetsa, koma Chichewa chathu limangolemba zosamveka, ndipo kukonza zimene lalemba kumatenga nthawi kuposa kulemba nokha. Dinani Text, kenako Add text, lembani, ndipo kabokosi ka mawuwo kaoneka pansi pa mzere wa vidiyo. Kokani m'mphepete mwake kuti kayambe pamene mwayamba kulankhula ndi kutha mutangomaliza. Mukakonza koyamba maonekedwe ake, musayambenso pachiyambi: kakopereni, kasunthireni kutsogolo, musinthe mawu okha. Musanayambe, zimitsani chokonza mawu cha pa kiyibodi ya foni, chifukwa chimasandutsa mawu a Chichewa kukhala a Chingelezi inu osaona.

Kulemba liwu lililonse la vidiyo ya mphindi zisanu pafoni ndi ntchito ya madzulo onse, ndipo pa vidiyo yoyamba sindikukakamizani. Yambani ndi zimene munthu sangaphike popanda kuzidziwa: miyezo yonse, dzina la gawo lililonse, nthawi, ndi machenjezo. Miyezo ilembeni ndi manambala, "Makapu 4 a fulawa", chifukwa diso limagwira nambala msanga. Yesani motere: tsitsani mawu onse, muonere. Ngati mungathe kuphika mandasi ndi zimene mukuona ndi kuwerenga zokha, mawu olembedwa akwana. Mukazolowera, mudzayamba kulemba ziganizo zonse kuti ndi osamva omwe atsatire nthabwala zanu.

Mawu athu ndi aatali, ndiye malo amatha msanga. Mizere isapitirire iwiri nthawi imodzi. Munthu wamba amawerenga bwinobwino zilembo pafupifupi 15 pa sekondi, ndipo ambiri mwa amayi amene mukuwaphunzitsa angafune pang'onopang'ono kuposa apo. Chiganizo chakuti "Thirani madzi ofunda pang'onopang'ono" chili ndi zilembo 37 tikawerenga ndi mipata yomwe, ndiye chikhale masekondi awiri ndi theka kapena atatu. Ngati simukufuna masamu, chiwerengeni mokweza mosathamanga, kachoke mutamaliza. Pothyola mzere, thyolani pamene mungapumire polankhula. "Makapu 4 a" pamwamba, "fulawa" pansi, n'zopunthwitsa. Timawu ngati a, wa, ndi, kwa tizipita limodzi ndi liwu lotsatira. Komanso simukakamizidwa kulemba "eti", "ndiye basi" ndi kubwereza konse kwa pakamwa.

Za maonekedwe, zilembo zoyera zonenepa zokhala ndi mkombero wakuda, umene mu CapCut umapezeka pa Stroke. Kwa inu mkomberowu ndi wofunika kwambiri, chifukwa fulawa ndi woyera, beseni lanu ndi loyera, ndipo zilembo zoyera zopanda mkombero zingosowa m'menemo. Zilembo zopotanapotana ndi zovina zisiyeni. Vidiyo yanu ndi yoimirira, ndipo pa TikTok ndi pa Facebook m'munsi mwa chithunzi ndi kudzanja lamanja mumadzaza mabatani ndi dzina lanu. Kwezani mawu anu achoke m'munsi penipeni, koma asaphimbe manja. Ndaona kuti pamwamba pa beseni pali khoma lopanda kanthu. Mawu angakhale bwino pamenepo.

Nyimbo sindikulimbikitsani. Ngati mwaifuna, ikhale pansi kwambiri moti mukamalankhula muziiwala kuti ilipo, ndipo dziwani kuti nyimbo ya woimba wina ingachititse kuti vidiyo yanu itsekedwe mawu pa YouTube kapena pa Facebook. Kuthetheka kwa mafuta kukukwanirani.

Mukamaliza, musathamangire kutumiza. Patsani foni munthu amene sanaphikepo mandasi, inu mukhale pambali muziyang'ana iye, osati foni. Pamene wabweza m'mbuyo, mwathamanga. Pamene wadumphitsa kapena wayamba kuyang'ana kumbali, mwachedwa. Potulutsa vidiyo sankhani kukula kwa chithunzi kwa 1080p ndi zithunzi 30 pa sekondi ngati ikupita pa YouTube kapena pa Facebook. Ya m'magulu a WhatsApp 720p ikwana ndipo sidya bandulo ya anthu. Chonde musafufute mavidiyo oyambirira m'foni musanatulutse yomalizayo. Pulogalamuyi imawerenga kuchokera ku mavidiyo omwewo, ndipo mukawafufuta pofuna malo, ntchito yanu yonse imatsala mabokosi opanda kanthu.

Zilipo zina zimene lumo silingathe. Pamphindi ya 14 mnansi wanu anayatsa wailesi, ndipo ikumveka pansi pa mawu anu kwa masekondi 30. Pamenepo musavutike ndi zochotsera phokoso, zimasiya mawu akumveka ngati muli mumgolo. Tsitsani mawu a chidutswacho, lowani m'chipinda chokhala ndi makatani ndi zofunda, mujambulenso ziganizo ziwirizo, muziike pamwamba. Popeza kamera ili pa chiwaya, palibe adzadziwe. Koma mukadzaona milomo ndi mawu zikusiyana pang'onopang'ono vidiyo ikamapita, inu musanapatule kalikonse, kapena foni ikumazima pulogalamu nthawi iliyonse mukamatulutsa ngakhale mutapeza malo, pitani ndi vidiyo yoyambirira kwa anyamata ojambula maukwati amene ali ndi kompyuta. Muwapatse pa kingwe kapena pa memori khadi, osati pa WhatsApp, chifukwa imafinya vidiyo n'kuchepetsa kuwala kwake. Chimodzimodzi tsiku limene wina adzakulipirani kuti mutchule fulawa wake: ntchito yolipidwa ionedwe ndi wozolowera isanatuluke.

Pa vidiyo yachiwiri, musajambule zonse ulendo umodzi. Ikani zofunika zonse patebulo, ndi mchere womwe, jambulani gawo limodzi, imitsani, kenako lina. Mukadina batani lojambula werengani mumtima mpaka kawiri musanalankhule, ndipo mukamaliza werenganinso kawiri musanaimitse, kuti podula mudzapeze kampata kaja. Mukalakwitsa chiganizo musaimitse kamera: ombani m'manja kamodzi, pumani, muchinenenso chonse kuyambira pachiyambi. Podzadula, kuomba kuja kudzakuuzani kuti choipa chili kumbuyo kwake, chabwino chili kutsogolo.